Mmene mungapezere bizinesi m'madandaulo a anthu a m'dera lanu

Mumsewu wathu ku Kawale munali mabenchi anayi a tomato ndi anyezi, ndipo lachisanu linali langa. Ndinatenga ngongole ku banki mkhonde, ndinakhomesa benchi, n'kuyamba kulawirira kukapikula. Sindinafunse munthu aliyense ngati akusowa tomato. Ndinaona anzanga akugulitsa, ndiye ndinati nanenso ndigulitse. Patatha miyezi inayi benchilo linasanduka poyanikira mbale, koma ngongole inali ikadalipo.

Ambiri timagwa pomwepa. Tikafuna bizinesi timayang'ana zomwe anzathu akugulitsa, m'malo momvetsera zomwe ogula akulira nazo. Chonsecho anthu amadandaula tsiku lonse, mu minibasi, pampopi, kusaluni, pobwera kutchalitchi, ndipo ena mwa madandaulowo ali ndi ndalama kumbuyo kwake. Vuto ndi lakuti timawamva n'kuvomereza kuti "eee, zinthu zavutadi," kenako n'kuiwala.

Njira ili m'munsiyi ndi yomwe ndinatsata ulendo wachiwiri, chakumapeto kwa 2023. Imatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo simugula katundu aliyense mpaka munthu ataika ndalama m'manja mwanu.

## Zofunika musanayambe

- Kope laling'ono lolowa m'thumba, ndi cholembera. Foni imathanso kugwira ntchitoyi, koma ine ndimakonda kope chifukwa silitha moto ndipo masamba ake umawayala pamphasa n'kuwaona onse pamodzi.
- Masiku 14 otsatizana omvetsera.
- Malo atatu kapena anayi omwe mumapitako kale, komwe anthu amakudziwani.
- Ndalama yochepa yoyesera, yomwe itatayika simungagone ndi njala. Isakhale ya katapila, isakhalenso ya fizi.
- Munthu mmodzi wosakunyengererani, woti mudzamuonetse masamu anu.

## Gawo 1: Sankhani malo ndi masiku omvetsera

Sankhani malo omwe anthu amadikira, chifukwa munthu wodikira ndiye amamasula pakamwa: pasiteji, pamzere wa madzi, pachigayo, pageti la sukulu nthawi yoweruka, kwa telala, pamsonkhano wa banki mkhonde ndalama zisanayambe kuwerengedwa. Gulu la WhatsApp la m'dera kapena la makolo a kusukulu liwerengeninso ngati malo.

Onetsetsani kuti pakati pa malowo pali amodzi a anthu olandira malipiro kapena ochita malonda. Mukamvetsera okhawo omwe ali ngati inu, opanda ntchito ndi ofuna mpamba, mudzamva mavuto enieni ndithu, koma a anthu omwe sangakulipireni.

Masiku 14 aja ayambe cha pa 22 mweziwo kuti adutse kumapeto kwa mwezi. Munthu amadandaula zina thumba likauma, ndipo amadandaula zina akalandira. Pa 24 amalira mtengo wa shuga. Pa 2 amalira kuti wasowa mmisiri woti amukonzere chitseko. Dandaulo lachiwirili ndi lomwe mukulifuna, ndipo mukamvetsera pakati pa mwezi pokha simulimva.

Chenjezo: musalengeze kuti mukufufuza bizinesi. Anthu akangodziwa amasiya kudandaula n'kuyamba kukulangizani: "bwanji osayamba nkhuku?" Malangizo otere si amene mwabwerera.

## Gawo 2: Lembani mawu ake enieni, tsiku lomwelo

Tsamba lililonse ligaweni m'mizere isanu yotsika: tsiku, munthu, mawu ake, zomwe akuchita panopa ndi vutolo, ndi zomwe likumudyera. Pa munthupo musalembe dzina. Lembani "aphunzitsi a ku pulayimale," "anesi," "bambo wa golosale." Kope limatha kugwa, ndipo palibe amene angakondwe kupeza nkhani za m'nyumba mwake zili m'buku la mnansi.

Chachikulu pa gawo ili n'kulemba mawu momwe atulukira pakamwa. Taonani kusiyana kwake. Tsiku lina Lolemba m'mawa, pasiteji, mayi wina wophunzitsa anafika akudzikuntha ufa pachitenje, n'kuuza mnzake kuti:

"Asisi, Loweruka langa lonse lathera kuchigayo. Ndafika kukonola anthu ali mbwee, nditangotsala pang'ono magetsi azima. Zovala sindinachape, ana sindinawaone. Nanga ndikatuma mtsikana uja ufa umabwera wosadzaza ndowa."

Ndikanalemba mwachidule kuti "vuto la magetsi," ndikanataya zonse. Magetsi sindingawakonze. Koma m'mawu akewo munali zinthu zitatu: tsiku lake lopuma likutayika, anayesapo kale kutuma munthu, ndipo chomwe chikumupweteka n'kusowa womukhulupirira. Chidule chimafufuta zimenezi, n'kusiya mutu wankhani womwe aliyense akuudziwa kale.

Musatulutse kope munthu akulankhula. Mvetserani, gwedezani mutu, ndipo mukapatukana lembani msanga. Mukadikira usiku mudzakumbukira okhawo omwe anakuwa kwambiri, pomwe amene ananena chinthu chofunika motsitsa mawu mwamuiwala.

Madandaulo anu omwe muwalembenso, koma patsamba lina lakumapeto. Vuto lanu limaoneka lalikulu chifukwa ndi lanu. Lidikire mpaka mutalimva kwa anthu ena.

Cholinga chikhale mizere inayi kapena isanu patsiku. Ine ndinathera pa mizere 63. Masiku ena ndinkalemba umodzi wokha, ndipo ndinkaona ngati ndikungotaya nthawi, mpaka sabata yachiwiri pomwe mawu ena anayamba kubwerezabwereza.

## Gawo 3: Werengani anthu, osati maulendo

Masiku 14 akatha, khalani pansi ndi kope n'kusonkhanitsa madandaulo ofanana. Kenako pa gulu lililonse werengani kuti ndi anthu angati osiyana amene analinena. Alamu anu akadandaula za telala kasanu ndi kawiri, ameneyo ndi munthu mmodzi.

M'kope langa, za kukwera kwa mitengo zinali paliponse. Inali nthawi yomwe Kwacha inali itangogwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo panalibe wotsegula pakamwa osatchula mtengo wa mafuta ophikira. Pambuyo pake panabwera magetsi ndi madzi. Kenako za chigayo, anthu 9. Za amisiri olandira ndalama n'kusowa, anthu 6. Za gasi kutha mphika uli pamoto, anthu 4. Za kusowa wokatenga ana kusukulu ya mkaka, anthu 3.

Tsopano agaweni m'milu itatu.

Mulu woyamba ndi wa zomwe simungazisinthe: mitengo, misonkho, misewu, kuzima kwa magetsi. Umenewu ndiye umakhala waukulu, ndipo umanyenga chifukwa cha phokoso lake. Musautaye wonse musanafunse kuti kodi vuto lalikululi likubala kavuto kanji kakang'ono pakhomo la munthu. Kuzima kwa magetsi si kwanu, koma mzere wa pachigayo womwe kumabweretsa ukhoza kukhala wanu.

Mulu wachiwiri ndi wa macheza. Munthu amadandaula za kutentha, za apongozi, za timu yake, osati kuti akufuna thandizo koma kuti pakhale polankhulira. Mudzawazindikira poona kuti mzere wa "zomwe akuchita panopa" uli wopanda kanthu. Ngati munthu sanayesepo chilichonse, vutolo silinamufike pamtima.

Mulu wachitatu ndi wa omwe mwiniwake akutayapo kale kanthu: ndalama, tsiku la ntchito, katundu wowonongeka. Muluwu umakhala waung'ono, mwina madandaulo atatu kapena anayi. Ndi wokhawu womwe mupite nawo patsogolo.

Chenjezo: musanakondwe ndi lililonse, funsani za malamulo. Kugulitsa gasi ndi mafuta a galimoto kumafuna chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi. Mankhwala a kuchipatala ali m'manja mwa PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala, ndipo kuwagulitsa pabenchi ndi mlandu ngakhale anthu akulira chotani kuti famase ili kutali. Makala nawo lamulo la zankhalango limafuna chilolezo. Ine za gasi ndinazisiya pomwepa, ndipo za ana a sukulu ya mkaka ndinazisiyanso chifukwa mwana wa mwini atavulala panjira ndinalibe choyankha.

## Gawo 4: Bwererani kwa odandaula mukafunse za ulendo wapitawu

Sankhani dandaulo limodzi lokha, n'kubwerera kwa anthu omwe analinena. Apa ndi pomwe ambiri amaononga ntchito yonse ndi funso limodzi: "Kodi nditayamba zakutizakuti mungamandigule?" Kwathu kuno munthu sakukanira pamaso. Adzati, "Iii, zimenezo ndiye zabwino, yambani tizikuthandizani," ndipo inu mudzabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba ndi lonjezo lopanda kanthu.

Funsani za zomwe zinachitika kale, chifukwa zimenezo munthu sapeka. Aphunzitsi aja ndinawapeza pakhomo pawo Lamlungu masana.

"Aphunzitsi, paja munkanena za chigayo. Ulendo wapitawu munapita liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo, amayi. Ndinanyamuka isanakwane sikisi."

"Munabwera nthawi yanji?"

"Dzuwa litapendeka. Komatu kumeneko kunali kukonola kokha. Ndinaviika mphale masiku atatu, kuvuula Lachiwiri usiku, kuyanika ndinasiyira ana, nkhuku zinadyako. Kugayitsa ndinapempha kuchoka msanga kuntchito."

"Nanga kabaza anakudyerani zingati? Mtsikana uja munkamupatsa zingati?"

Mafunso ake ndi amenewa: zinachitika liti, munatani, munalipira zingati, munayesapo chiyani, ndipo chinakanika n'chiyani. Pomaliza funsani kuti amene amatulutsa ndalama ya zimenezi pakhomopo ndani. Nthawi zina wodandaula ndi mayi koma wolipira ndi bambo, ndipo bamboyo saona chifukwa cholipirira ntchito yomwe "imachitika yokha."

Pa anthu 9 aja ndinaphunzira chinthu chomwe sindikanachiganiza ndili ndekha. Atatu anali oti amadya mgaiwa, womwe umangogayitsa kamodzi n'kubwerera, ndipo dandaulo lawo linali la mzere basi. Amenewa sakanalipira munthu. Otsalawo ndi amene ankafuna ufa woyera, womwe umafuna kukonola, kupeta, kuviika, kuvuula, kuyanika, kugayitsa, n'kuyanikanso ufawo. Ntchito imeneyi imadya masiku anayi kapena asanu, ndipo mayi wochoka m'mawa n'kubwera madzulo alibe masikuwo.

Ndinawafunsanso chifukwa chomwe sagulira ufa wogayagaya m'sitolo kapena pamsika. Funso limeneli musalidumphe pa bizinesi iliyonse, chifukwa ngati yankho losavuta lilipo kale ndipo anthu sakulitenga, pali chifukwa chake. Apa chifukwa chinali chakuti chimanga ali nacho kale, cha kumunda kwawo kapena chochokera kumudzi, ndipo nsima ya ufa wa m'sitolo ana awo amaikana.

## Gawo 5: Gulitsani kamodzi musanagule chilichonse

Tsopano nenani zomwe mudzachite m'chiganizo chimodzi chokhala ndi tsiku ndi mtengo. Changa chinali chakuti: "Ndidzatenga thumba lanu Lolemba, ndidzabweretsa ufa woyera wouma Loweruka pamodzi ndi gaga wanu, tidzayeza pasikelo potenga ndi pobweza, mtengo ndi wakuti, theka lero."

Sikelo ija inalowamo chifukwa cha mawu a pasiteji aja, akuti ufa umabwera wosadzaza ndowa. Ndikanakhala kuti sindinawalembe, ndikanangolonjeza kufulumira, chinthu chomwe sichinali nkhawa yawo yaikulu.

Pemphani theka la ndalama, kapena katundu wake m'manja mwanu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa amayi 6 omwe anati "yambani," awiri okha ndi omwe anatulutsa thumba. Sindinakhumudwe nazo. Awiri anali okwanira kuyesera, ndipo otsalawo ankadikira kuona ngati ufa wa anzawo ubwere. Koma pakanapanda ngakhale mmodzi, ndikanatseka tsambalo n'kupita pa dandaulo lotsatira, osayamba kutsitsa mtengo kuti ndiwanyengerere.

Zipangizo zonse bwerekani. Sikelo ndinabwereka kwa bambo wogula soya, migolo yoviikira kwa azakhali, mphasa zinali za pakhomo. Chomwe ndinagula ndi kope lachiwiri lolembamo makilogalamu.

Thumba loyamba, lomwe mwiniwake ankati ndi la makilogalamu 50, linalemera 46 pasikelo, iye akuona. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti mtsikana uja mwina sankaba n'komwe. Chimanga chikakonoledwa gaga amachoka wambiri, poviika china chimapita ndi madzi, ndipo ufa woyera umatsala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera koyamba, nthawi zina osafikanso pamenepo. Chimanga chamakolo, cholimba chija, chimatulutsa mphale yambiri kuposa haibulidi wofewa yemwe amaphwanyika pokonola. Munthu wosayeza amangoona kuti ndowa zachepa. N'chifukwa chake chimanga cha anthu awiri sindinachiphatikizepo, ndipo kulemera ndinkalemba katatu: potenga, pochoka kokonola, ndi pobweza.

Chenjezo: ulendo woyambawu chitani nokha ntchito yonse, ngakhale mukufuna kudzalemba aganyu. Mukatuma munthu simudzadziwa pomwe nthawi ndi ndalama zikuthawira.

## Gawo 6: Werengani masamu a ulendo umodzi

Lembani tambala iliyonse yomwe yatuluka. Manambala ali apawa ndawasalaza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikemo mitengo ya lero ya kwanuko, chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi.

Tinene kuti mwalipiritsa K20,000 pathumba, zonse zili momwemo. Kukonola K4,000, kugayitsa K4,000, madzi oviikira ndi kutsukira K1,000, waganyu wothandiza kupeta K2,000. Kufika apa zikuoneka bwino, mwatsala ndi K9,000. Koma werengani maulendo a thumbalo: kuchoka kwa mwiniwake kupita kuchigayo, kuchoka kuchigayo kubwera kwanu kudzaviika, kubwereranso kokagayitsa, kubweranso kudzayanika ufa, kenako kukapereka. Maulendo asanu. Kabaza akamatenga K1,500 paulendo, ndiye kuti K7,500 yapita. Mwatsala ndi K1,500 pa ntchito ya masiku asanu.

Ndi mmene zinandithera sabata yoyamba, ndipo ndinakhala pakhonde usiku ndikuyang'ana kope mtima utagwa. Dandaulo linali lenileni, olipira analipo, koma phindu lonse linali kwa wakabaza.

Masamu akatere musathamangire kusiya, musathamangirenso kukweza mtengo. Pezani chomwe chikudya kwambiri n'kuona ngati chingachepe. Azakhali aja amakhala nyumba yachitatu kuchokera pachigayo, ndipo ali ndi bwalo lotchinga. Tinagwirizana kuti ndiziviika ndi kuyanika kwawo n'kumawapatsa K1,000 pathumba. Maulendo atatu apakatiwo anasanduka a wilibala, kabaza anatsala ndi awiri, K3,000. Zotuluka zonse zinafika K15,000, phindu K5,000 pathumba. Matumba anayi pasabata ndi K20,000, kuphatikizapo gaga yemwe ena ankandisiyira, amene oweta nkhuku ndi nkhumba amagula.

Kenako pali funso lomwe ambiri amaliiwala: kodi munthu mmodzi adzabweranso liti? Tomato amagulidwa tsiku ndi tsiku, koma thumba la ufa limakhala pafupifupi mwezi pabanja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndiye kuti matumba anayi pasabata akufuna mabanja 16, osati anayi. Ine ndinali ndi 6 odziwika. Ena khumi ndikawapeza kuti? Yankho linali m'kope momwemo: odandaula ambiri anali aphunzitsi ndi anesi, anthu omwe amakhala m'chipinda chimodzi pa nthawi yopuma n'kumauzana. Mukaona kuti odandaula anu ndi omwazikana, osadziwana, dziwani kuti kupeza wogula aliyense watsopano kudzakudyerani nsapato.

Werenganinso malire anu. Bwalo la azakhali linkakwana mphasa za matumba 6 pasabata. Kupitirira apo kukanafuna malo ena ndi munthu wina. Ndi bwino kudziwiratu denga la bizinesi yanu, kuti muone ngati likukwanira zomwe mukufuna.

Masamu amenewa muonetseni munthu wosakunyengererani uja. Wanga anali mlongo wanga, ndipo anandifunsa chinthu chimodzi: "Achemwali, nanga thumba la munthu likaonongeka mudzabweza ndi chiyani?" Ndinalibe yankho, ndipo patangopita masabata awiri funsolo linandipeza.

## Gawo 7: Yesani mwezi wathunthu, kenako gamulani

Ulendo umodzi sukwanira. Pitirizani masabata anayi ndi zobwereka zomwezo, mukuyang'ana zizindikiro ziwiri: kodi woyamba uja wabweranso, ndipo kodi wabwera wina yemwe simunamuitane, wongomva kwa mnzake? Zonse ziwiri zikachitika, mukhoza kugula sikelo yanu ndi kupita kukhonsolo kukafunsa za layisensi. Ngati mudzafune kulongedza chakudya m'mapaketi n'kumagulitsa m'masitolo, pamenepo pakufunikanso a Malawi Bureau of Standards. Zikapanda kuchitika, bwererani ku mulu wachitatu. Kope lidakali ndi madandaulo ena, ndipo mwataya ndalama ya kabaza yokha.

## Zolakwika zomwe ambiri amachita

Kuiwala nyengo. Ine ndinayesa mu Disembala, mvula itayamba. Sabata yachitatu kunachita mitambo masiku atatu otsatizana, mphale sinaume bwino, ndipo poopa kuphonya Loweruka ndinagayitsa ikadali yonyowa n'kutsekera ufa m'thumba. Lolemba anesi anandiitana. Atamasula thumba, fungo lowawasa linatuluka, ufa utaumbana zibuma, m'mbali mutayamba chuku. Sanakalipe, anangoti, "Amayi, ana anga adya chiyani?" Ndinagula thumba lina ndi ndalama yanga, pa mtengo wa nthawi ya njala, ndipo phindu la mwezi wonse linathera pomwepo. Kuyambira pamenepo, m'dzinja ndimalonjeza masiku 8 m'malo mwa asanu, ndipo ufa sindiumanga ndisanaufinye m'dzanja: ukaumbika n'kukhala chibuma, ubwerere pamphasa. Dandaulo lililonse lili ndi nyengo yake. La yunifomu limakula sukulu zikamatsegulira mu Seputembala. La chigayo limakula chimanga chikalowa m'nyumba kuyambira Meyi, ndipo limachepa mu Januwale ndi Febuluwale pomwe ambiri amagula cha m'chigoba. Lembani mwezi pamwamba pa tsamba lililonse, n'kudzifunsa ngati mawu omwewo adzamvekebe pakatha miyezi isanu.

Kulowa m'kope ndi yankho kale. Ngati mtima wanu uli pa nkhuku, makutu anu adzangomva za ndiwo. Mudzazindikira matendawa mukaona kuti sabata yoyamba yokha mizere yambiri ikuloza kumodzi, komwe munkafuna kale.

Kuyesera pa abale okha. Achibale amavomera msanga ndipo amalipira mochedwa. Pa oyamba anuwo pakhale mmodzi yemwe alibe nanu chibale, woti akhoza kukukanirani osachita manyazi.

Kusafunsa amene anayesapo kale. Dandaulo lodziwika chotere, si inu woyamba kulimva. Funsani pachigayo, pamsika, kwa akabaza, ngati panali wina yemwe ankachita zimenezi ndi chomwe anasiyira. Wogaya wa pachigayo chathu anandiuza za mayi wina yemwe anayamba bwino koma ankaphatikiza chimanga cha anthu mumgolo umodzi kuti asunge madzi, mpaka wina anazindikira kuti nsima yake yasintha kakomedwe. Nkhaniyo inandipulumutsa ndisanalakwitse.

Kulola ngongole poyesa. "Ndidzakupatsani pakutha pa mwezi" amafufuta chomwe mukufuna kudziwa, chomwe ndi chakuti kodi munthuyu vutoli likumuwawa mokwanira kutulutsa ndalama lero. Ngati ndi wolandira pamwezi, konzani kuti ntchito yake igwe sabata ya malipiro, ndipo theka lilowe pa foni yanu thumba lisanakwere pa kabaza.

Kutseka kope bizinesi ikayamba. Ogula anu apitiriza kudandaula, tsopano za inuyo. Mayi wina anandiuza kawiri kuti ufa umamufika Loweruka masana iye atapita kale kumaliro kapena kuukwati, ndipo umagona pakhonde la anansi. Ndinaulemba mzerewo monga ndinkalembera ya pasiteji ija. Atanenanso wina wachitatu, ndinasuntha tsiku lotenga chimanga kukhala Lamlungu madzulo, kuti ufa uzifika Lachisanu iwo akuweruka kuntchito.